Sefa zitatu ndi kuwala kobwerera: zikavuta m'kalasi, yang'anani apa

Sefa za polaroyidi ndi mapepala a pulasitiki osefa kuwala: ziwiri zikapingasana pamachita mdima, koma mukalowetsa yachitatu chopendekeka pakati pake kuwala kwina kumabwerera. Madandaulo a kuyesa kumeneku ndi omwewo chaka ndi chaka, kaya ndi ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furankungo kapena ku Mowatize. Mphunzitsi wa fizika wapingasitsa sefa ziwiri za polaroyidi koma mdima sukubwera. Wina walowetsa sefa yachitatu pakati, kuwala osabwerera. Wina zonse zamuyendera, koma nambala za pa foni zikukana za m'buku. Ndiye pali wophunzira wa kalasi ya 12 amene pa funso la mayeso la sefa zitatuzi walemba ziro pomwe yankho ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Pafupifupi mavuto onsewa amachokera pa chinthu chimodzi: kusagwira bwino zimene sefa imachita ndi kuwala kofika pa iyo. Tiyambe ndi chimenecho, pakuti chikamveka zina zonse ndi zokonza ndi manja.

Sefa iyi si ya ufa

Dzina lakuti sefa limatisokeretsa. Sefa ya ufa imangosankha: misere itsale, ufa wosalala udutse, ndipo ufa wodutsawo sunasinthe kanthu. Mukaika sefa yothina pansi ndi pamwamba, kuwonjezera ina pakati sikungachulukitse ufa wogwera m'lichero. Wophunzira amene ali ndi chithunzi chimenechi m'mutu akunena zanzeru akamati sefa yachitatu singathandize. Vuto ndi lakuti polaroyidi siichita zimenezo.

Kuwala ndi funde, ndipo mphamvu yake ya magetsi imagwedezeka chopingasa njira imene kuwalako kukulowera. Kugwedezekako timakujambula ngati muvi wotchedwa E. Kuwala kwa tochi, kwa kandulo kapena kwa babu kuli ndi mivi yoloza mbali zonse mosakanikirana, ndipo timati n'kosawongoledwa. Sefa ili ndi mzere wake wosaoneka ndi maso. Muvi ukafika utapendekeka pa mzerewo ndi ngodya θ, sefa imaugawa pawiri: gawo logona pa mzere limadutsa, gawo lopingasa limamezedwa n'kusanduka kutentha pang'ono m'pulasitikimo. Talingalirani mtengo wa nsungwi wotsamira khoma dzuwa lili paliwombo. Mthunzi wake pansi ndi waufupi kuposa mtengowo, ndipo wagona pansi ngakhale mtengo uli chopendekeka. Gawo lodutsa lili ngati mthunziwo: kutalika kwake ndi E cos θ, ndipo laloza kumene mzere wa sefa waloza, osati kumene muvi unaloza poyamba.

Mfundo yachiwiriyo ndi imene anthu amaidumpha. Kuwala kotuluka m'sefa kwatenga mbali ya sefayo, ndipo za kumene kunaloza kale zathera pomwepo. Sefa yotsatira imangoona muvi umene waifikira.

Maso ndi zoyezera siziona muvi, zimaona mphamvu ya kuwala, ndipo mphamvuyo imayenda ndi E kuchulukitsa ndi E yemweyo. N'chifukwa chake cos amalowa kawiri:

I = I₀ cos²θ

Limeneli ndi lamulo la Malus. Étienne-Louis Malus, Mfalansa, anaona mu 1808 kuti kuwala kwa dzuwa konyezimira pa mawindo a nyumba yachifumu ya Luxembourg ku Paris kunali kowongoledwa, akukuyang'ana kudzera m'mwala woonekera wa kalisaiti. Dziwani bwino I₀ wa m'lamuloli: ndi kuwala kowongoledwa kale kumene kukufika pa sefa, osati kuwala kwa tochi.

Yankho la pa pepala likalakwika

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuiwala theka la sefa yoyamba, kapena kulichotsa kawiri. Kuwala kosawongoledwa kukadutsa sefa yoyamba kumatsala theka, mutembenuze sefayo mulimonse, chifukwa mivi ikubwera pa ngodya zonse ndipo cos² wa ngodya zonse pamodzi amagwera pa theka. Theka limeneli ndi la kamodzi kokha. Funso likanena kuti kuwala kofikako n'kowongoledwa kale, thekalo palibe, muyambe ndi cos² pa sefa yoyamba yomwe. Uzani ophunzira adule mzere pansi pa mawu amenewo m'funso asanagwire kalikuleta.

Tiyese ndi kuwala kosawongoledwa kwa mayunitsi 800. Sefa yoyamba yaima chilili: patsala 400. Yachiwiri yapendekeka madigiri 60: cos 60° ndi 0,5, kumuchulukitsa yekha ndi 0,25, ndiye patsala 100. Amene wapeza 200, mwina waiwala theka, mwina waiwala kuchulukitsa cos kawiri. Njira ziwiri zolakwikazi zimapereka 200 yemweyo pa madigiri 60, choncho musangoona yankho, onani mzere umene walemba pamwamba pake. Amene wapeza nambala yoyandikira 363, masamu ake ali bwino koma kalikuleta ili pa RAD m'malo mwa DEG. Kuyesa kwake n'kwachangu: alembe cos 60, ikapanda kuonetsa 0.5 asinthe kaye.

Tsopano sefa zitatu. Yoyamba chilili, yomaliza chogona, yapakati pa madigiri 45. Yoyamba yasiya 400. Kuwala kumeneku kwafika pa yapakati pa ngodya ya 45, cos² wake ndi theka, patsala 200, ndipo muvi tsopano waloza pa 45. Kuchoka pa 45 kufika pa 90 ndi madigiri 45 enanso, theka linanso, patsala 100. Ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a kuwala kwa tochi. Wolemba ziro uja wayeza ngodya ya sefa yomaliza kuchokera ku sefa yoyamba, ngati kuti yapakati siinasinthe kanthu.

Pa 45 cholakwa china chimabisala, chifukwa ngodya ziwirizo n'zofanana. Kuti muone amene wamvetsadi, ikani yapakati pa madigiri 30. Yoyamba yasiya 400, cos² 30° ndi 0,75, patsala 300. Kuchoka pa 30 kufika pa 90 ndi 60, osati 30, ndiye 300 kuchulukitsa ndi 0,25, yankho 75. Amene wapeza 225 wagwiritsa ntchito 30 kawiri. Mukayesa 60 mupezanso 75, ndipo 45 ndiye pachimake, palibe ngodya ina ya sefa yapakati imene ingapose 100.

Palibe kuwala kumene sefa yapakati yapanga. Iyonso yameza theka la kuwala kumene kunaifikira. Chimene yachita ndi kusiya chotsalacho chitaloza kumene sefa yomaliza ingapezeko gawo. Mukakhala ndi sefa zinayi mutha kuonetsa zambiri: ziwiri pakati, pa 30 ndi pa 60, masitepe atatu a madigiri 30. Pa pepala 400 kuchulukitsa ndi 0,75 katatu kumapereka pafupifupi 169, kuposa 100 uja.

Mwapingasitsa ziwiri koma mdima sukubwera

Choyamba yang'anani kapepala koteteza. Mapepala a polaroyidi ogula amabwera atamatidwa kapulasitiki kopyapyala mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri sikaoneka mpaka mutakanda pakona ndi chikhadabo. Kapulasitiki kameneka kanakokedwa popangidwa, ndipo kamasintha kugwedezeka kwa kuwala kodutsamo. Kakakhala pakati pa sefa ziwirizo, mdima weniweni subwera, ndipo nthawi zina mumaona mitundu ya pinki ndi yobiriwira ikusinthana mukamatembenuza. Mitundu imeneyo ndiyo chizindikiro chake. Chimodzimodzi selotepi imene mwamatira sefa pa katoni ikalowerera pabowo, kapena mukasungira sefa m'kajumbo koonekera n'kuyang'ana osaitulutsa.

Chachiwiri ndi kumene sefayo yachokera. Ambiri a ife sitigula, timasenda pa galasi la kalikuleta yakufa kapena pa sikirini ya foni yosweka yochokera kwa okonza mafoni pamsika, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma kachikopa ka pa sikirini nthawi zambiri kali ndi magawo angapo omatana, ndipo gawo lina, la mbali imene inali yoyang'ana galasi, limasintha kugwedezeka kwa kuwala. Sefa yotere ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Ikakana kuchita mdima, itembenuzeni ngati chitumbuwa m'mafuta, muyesenso. Mbali zimene zinali kunja kwa galasi ziyang'anane. Sefa ya kamera yolembedwa CPL ili ndi khalidwe lomweli: mbali imene imayang'ana kunja kamera ikamajambula ndiyo iyang'ane sefa inzake. Ndipo sefa ya mtundu umenewu musaiike pakati pa zitatuzo, chifukwa pakati pamafunika yoyera mbali zonse ziwiri. Ya pa kalikuleta wamba kawirikawiri imachita bwino pamalo amenewo. Guluu wotsalira mumuchotse pang'onopang'ono ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, musapale ndi lezala.

Magalasi a dzuwa a pamsika ambiri ndi pulasitiki yakuda chabe, ngakhale pali kapepala konena zina. Ayeseni musanalipire: yang'anani nawo sikirini ya laputopu yoyaka, muwatembenuze pang'onopang'ono. Enieni amadetsa sikirini pa malo ena ake. Akangokhala chimodzimodzi mbali zonse, asiyeni.

Kakuwala kofooka kabuluu kapena kofiirira kotsalira pa madigiri 90 mukaloza tochi yamphamvu si vuto. Palibe sefa imene imameza mitundu yonse mofanana. Koma sefa imene yayera m'mbali kapena yachita mawanga yapsa. Polaroyidi ya masiku ano, imene Edwin Land anaipanga mu 1938, ndi pulasitiki yokokedwa mbali imodzi n'kunyikidwa mu ayodini, ndipo kutentha ndi chinyezi zimaiwononga. Kuisiya pa windo kapena m'kabati ya pansi pa malata mu Okutobala wa mumzinda wa Tete n'kuitaya. Isungeni m'envelopu ya pepala m'kati mwa buku.

Mwalowetsa yachitatu koma kuwala sikubwerera

Apa zifukwa n'ziwiri basi, ndipo zonse n'zamanja. Mwina sefayo siili pakati penipeni. Mukaiika kutsogolo kwa ziwiri zopingasanazo kapena kumbuyo kwake, mdima ukhalabe, chifukwa ziwirizo zidakali zotsatizana pa madigiri 90. Ophunzira ogwira sefa zitatu m'dzanja limodzi amasokoneza ndandanda kawirikawiri. Zilembeni 1, 2, 3 pakona, ndipo ziimikeni m'timipata tochekedwa pa katoni, motalikirana masentimita awiri kapena atatu, kuti aliyense aone kuti yapakati yalowa pati. Kuonetsa dala ndandanda yolakwikayo ndi phunziro labwino kuposa kuibisa, chifukwa sefa ya ufa siisamala kuti yayamba ndi iti, pamene iyi imasamala.

Mwina mzere wa yapakati wagona pa mzere wa imodzi mwa zinzakezo. Izi zimagwira anthu amene aganiza kuti mzere umatsata m'mphepete mwa sefa. Pa zosenda m'makalikuleta ndi m'malaputopu ena mzere umadutsa chopendekeka, pa madigiri 45 ndi m'mphepete, ndiye inu mukaipendeketsa ndi 45 mwaibwezera pa 0 kapena pa 90. Itembenuzeni pang'onopang'ono mpaka izungulire yonse. Muyenera kuona kuwala kanayi ndi mdima kanayi. Kukhala kawiri kokha ndiye kuti ziwiri zakunjazo sizinapingasane.

Kupeza mzere wa sefa sikufuna chida. Thirani madzi m'beseni lakuda, muliike pakhomo pamene thambo likuonekera m'madzimo, mubwerere m'mbuyo mpaka maso anu akuyang'ana madziwo chopendekeka, pafupifupi madigiri 53 kuchoka pa mzere woima. Kunyezimira kwa pamadziko n'kowongoledwa chogona. Tembenuzani sefa mpaka kunyezimira kuzilale muone pansi pa beseni. Pamenepo mzere wa sefa waima chilili. Jambulani kamzere pakona ndi cholembera chosafufutika.

Nambala za pa foni zikukana za m'buku

Musayeze ndi kamera. Kamera ya foni imadziwonjezera kuwala ikaona mdima, ndiye chithunzi cha pa 60 chimaoneka ngati cha pa 30. Maso nawonso amanama chimodzimodzi: kuwala kotsala gawo limodzi mwa 8 amakuona ngati kwangochepa pang'ono. Gwiritsani ntchito kadiso koyeza kuwala kamene kali pamwamba pa sikirini pafupi ndi sipika, ndi pulogalamu yoonetsa nambala za lx, muyezo wa kuwala. Kapezeni poyendetsa chala pamwambapo mpaka nambala igwe.

Foni igone chagada pa tebulo, tochi ya LED imangidwe pamwamba pake masentimita 30 kapena 40, ndipo zonse ziwiri zisasunthe mpaka mutamaliza. Tochi yogwira m'manja imawononga zonse, chifukwa kuyandikira pang'ono kumasintha nambala kuposa mmene madigiri 10 angasinthire. Babu ya waya woyaka isiyeni: imatulutsa kuwala kwambiri kwa infuraredi kumene polaroyidi wamba siikumeza, ndipo kadiso kena kamakuwerengera. Ngati gwero lanu ndi sikirini yoyera ya laputopu, kumbukirani kuti kuwala kwake n'kowongoledwa kale, ndiye sikiriniyo ikugwira ntchito ya sefa yoyamba. Mupeza kuti sefa imodzi yokha ikuchita mdima, ndipo theka lija silioneka.

Nazi nambala zachitsanzo za sefa zabwino ndithu, kuti muone mmene ziyenera kuyendera. Tochi ili chizimire, sefa zili m'malo, foni ikuti 12. Kumeneku ndi kuwala kolowera m'mbali, kochokera pa mawindo ndi pa mpata wa pansi pa denga, ndipo 12 ameneyu achotsedwe pa nambala iliyonse. Tochi yayaka popanda sefa: 812, kutanthauza 800. Sefa yoyamba: 332, kutanthauza 320. Buku linati 400, koma sefa yeniyeni imabweza kuwala kwina pankhope zake ziwiri n'kumezanso pang'ono ngakhale pa gawo loyenera kudutsa. Iyi ikudutsitsa magawo 8 mwa 10 a gawo loyenerali. Ikani yachiwiri mizere itagonerana: 268, kutanthauza 256, magawo 8 mwa 10 a 320.

Nambala ya 256 imeneyi ndiyo poyambira panu. Musayerekeze ndi 800 kapena 400. Pa madigiri 30 muyembekezere 192, foni ionetse 204. Pa 45 ndi 128, foni 140. Pa 60 ndi 64, foni 76. Pa 90 foni ibwerere pa 12 kapena 13. Onani chimene chimachitika mukapanda kuchotsa 12 uja: 76 kugawa ndi 268 ndi 0,28, pomwe lamulo likufuna 0,25, ndipo kusiyanako kumakula mukamayandikira 90. Ngati nambala zanu zonse za ngodya zazikulu zili pamwamba pa za m'buku, wolakwa ndi kuwala kwa m'mbali. Kulungani katoni ngati chitoliro kuzungulira kadisoko, kapena yesani madzulo.

Lowetsani yachitatu pa 45. Kuchokera pa 320, theka ndi 160, magawo 8 mwa 10 ake ndi 128. Pa sefa yomaliza theka ndi 64, magawo 8 mwa 10 ake ndi 51. Foni ionetse 63 kapena pafupi. Mphunzitsi amene amayembekezera 100 amaganiza kuti zalephereka, koma sizinalephereke, msonkho wa sefa walipidwa katatu. Umboni wabwino ndi kusuntha yapakati kupita pa 30 kenako pa 60: malo onse awiri apereke pafupifupi 38, foni 50, magawo atatu mwa anayi a nambala ya pa 45, monga 75 alili kwa 100 pa pepala.

Nambala za 30 ndi 60 zikasiyana kwambiri, kapena pa sefa ziwiri nambala ya 45 kumanja ikasiyana ndi ya 45 kumanzere, ziro wa ngodya zanu wasokonekera. Kulakwa kwa madigiri 5 okha kumapangitsa mbali ina kupereka 0,41 ndi inayo 0,59 m'malo mwa 0,50. Anthu amafuna ziro pofunafuna pamene pakuwala kwambiri, koma pamenepo nambala siisintha msanga, mutha kusuntha madigiri 5 kuwala n'kutsika ndi gawo losakwana limodzi mwa 100. Funani mdima m'malo mwake, chifukwa mdima uli ndi malo amodzi oonekeratu. Pamene padetsetsa lembanipo 90, muwerenge madigiri ena onse kuchokera pamenepo pa katoni yozungulira yojambulidwa ndi chida choyezera ngodya. Sefa imene mukuzunguza ikhale ina osati yoyamba ngati mukukayika kuti gwero lanu lili ndi kuwongoka kwake.

Chomaliza kuyang'ana ndi batire. Tochi zotchaja za pamsika zimafooka mwakachetechete, ndipo mphindi khumi zikukwana kutsitsa nambala. Mukamaliza ngodya zonse bwererani pa ziro muyezenso. Ngati 268 uja watsika kufika pa 250, nambala za kumapeto zonse zatsika naye. Tchajani tochi, muiyatse mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ikhazikike, muyambirenso, ndipo ulendo uno muziyeza ziro pakatha ngodya ziwiri zilizonse.